Mati yozungulira ya patebulo: mafunde, kambale, ndi nambala ya zowonjezera

Poyambira

Ndikuluka mamati ozungulira oyikapo mbale patebulo, a koloshe, ndipo ndikufuna iliyonse ikhale pafupifupi masentimita 31 kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Ulusi ndi wa thonje wokhuthala pang'ono, singano ndi ya mamilimita 4. Patani yomwe ndikutsatira ndi ija yodziwika kwa aliyense, masitichi a dabulo 12 m'kalupu kokoka kapakati, kenako raundi iliyonse kuwonjezera 12, ndiye 12, 24, 36, 48 choncho choncho. Chowonjezera chomwe ndikunena apa ndi kulowetsa masitichi awiri pa bowo limodzi, basi.

Ndinene kaye za mayina tisanasokonezane. Ine ndikamati singo ndi dabulo ndikutsatira mayina a ku America, omwe pa patani amalembedwa `sc` ndi `dc`. A ku Britain sitichi yaifupi ija, singo, amaitcha `dc`, ndipo dabulo yathuyi amaitcha `tr`. Izi si zachabe ayi, chifukwa munthu ukatenga patani ya ku Britain yonena kuti `dc` 6 pa raundi iwe n'kuluka madabulo aataliwa, chinthucho chimapindikira m'mwamba pa raundi yachiwiri pomwe, ndipo ukatembenuza, kuluka masitichi aafupi 12 pomwe amafuna aatali, mafunde ake amakhala osaneneka. Patani yangayi ndaona ili ndi `sc` pa boda, ndiye ndi ya mayina a ku America, apo palibe vuto.

Raundi 1 mpaka 5

Zonse bwinobwino. Ndawerenga, pa raundi 5 pali masitichi 60 ndendende. Kakugona patebulo, ngakhale ndikakanyamula m'mphepete mukumveka kuwofuwofu pang'ono, ngati nsalu yachuluka, koma ukakasisita ndi dzanja kakukhala flati.

Raundi 8, mafunde atulukira

Apa nde zaoneka poyera. Ndaiyika patebulo osaikanikiza, ndipo mkombero ukukwera ndi kutsika kuzungulira konse, ukakanikiza funde la apa likutumphukira apo, silikutha koma kungosamuka. Kusamukako ndi chizindikiro chabwino kwambiri chodziwira kuti nsalu ya m'mphepete yaposa malo omwe ilipo, si zoti ulusi wangopindika chifukwa chokhala m'thumba.

Chinthu choyamba chomwe ndimachita zikatere ndi kuwerenga, ndisanaganize china chilichonse. Raundi 8, powonjezera 12 raundi iliyonse, ikuyenera kukhala ndi 96. Ndawerenga mitu ya masitichi mmodzimmodzi, 96. Ndawerenganso raundi 6, 72. Nde patani ndaitsatira ndithu.

Kuwerengaku ndimakulimbikira chifukwa pali malo amodzi pomwe masitichi amalowa mozemba, pa msoko pomwe timatsekera raundi. Ukatseka ndi silipi sitichi, silipiyo imaoneka ngati mutu wa sitichi weniweni, ndiye ukamabwera kumapeto kwa raundi yotsatira ndi kwapafupi kulowetsamo singano, basi sitichi imodzi yawonjezeka, raundi inayo ina, ndipo zija zowonjezekazo nazonso zimasokoneza kawerengedwe ka zowonjezera zenizeni. Palinso nkhani ya matcheni oyambira raundi. Mapatani ena amati matcheni 3 awerengedwe ngati dabulo yoyamba, ena amati matcheni 2 ndipo asawerengedwe. Ukawerenga mosiyana ndi mwini patani umakhala ndi imodzi yoposera kapena yoperewera raundi iliyonse. Koma vuto la pa msoko limadziwika, funde lake limakhala mbali imodzi yokha, pa msoko pomwepo, kwina konseko kuli flati. Langali lili paliponse mofanana. Nde si msoko.

Ndachita kanjira kena komwe ndimakakonda. Ndagoneka matiyo patebulo, ndasisita kuyambira pa msoko kupita mbali zonse ziwiri kuti nsalu yotsalayo ikasonkhane malo amodzi kutsidya, mpaka yapanga kapindo kamodzi koimirira. Ndatsina kapindoko pansi ndi zala ndi kuwerenga masitichi a m'mphepete omwe ali m'katimo. Ali pakati pa 15 ndi 16. Amenewa ndi masitichi omwe alibe malo pa chozungulira chachikulu chonchi. Khumi ndi asanu ndi limodzi pa 96 si pang'ono, ayi.

Kuyeza sitichi yanga

Funso ndi loti ngati nambala ili yolondola, 16 amenewa achokera kuti. Yankho lili pa kutalika ndi kutambalala kwa sitichi, ndipo ndikufuna ndilembe pang'onopang'ono chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Chozungulira chilichonse chomwe chagona flati, mkombero wake umakhala kuwirikiza 6.28 mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete. Izi sizisintha, kaya ndi ulusi kaya ndi pepala. Tsono raundi iliyonse yomwe taluka ikutalikitsa mtunda umenewu ndi msinkhu wa sitichi imodzi. Ngati sitichi ndi yaitali sentimita imodzi, mkombero ukuyenera kukula ndi masentimita 6.28 pa raundiyo, osaposa osachepera. Masentimita amenewa timawadzaza ndi masitichi atsopano, ndiye kuchuluka kwa zowonjezera kukudalira kuti sitichi iliyonse ikutenga malo otambalala bwanji. Ukadzaza ochuluka, mkombero umatalika kuposa malo ake ndipo wotsalawo umathawira m'mwamba ndi pansi, ndiwo mafunde. Ukadzaza ochepa, mkombero umafupika, sungafike pomwe ukuyenera kufika, nde umakokera m'kati n'kuimirira ngati mbale. Mavuto awiriwa ndi chinthu chimodzi, wina wadutsa mzere wina sanafike.

Ndi chifukwa chake singo amati 6. Singo msinkhu wake ndi kutambalala kwake zimakhala pafupifupi zofanana, nde 6.28 ija imangokhala 6. Dabulo amaitenga ngati yaitali kawiri kuposa m'lifupi mwake, nde 12. Hafu dabulo ili pakati, ambiri amaika 8. Koma mawu oti pafupifupi amenewa ndi omwe amatipweteka, chifukwa nambalazi zinachokera pa sitichi ya dzanja lapakatikati, ndipo dzanja la munthu aliyense lili ndi sitichi yakeyake.

Ndatenga tepi. Ndayeza pa mati pomwepo, osati pa kachidutswa koluka mizere yopita ndi kubwerera, chifukwa poluka mozungulira nkhope ya nsalu imakhala ikuyang'ana iwe nthawi zonse ndipo sitichi imatha kusiyana pang'ono ndi ya mizere. Msinkhu: kuchokera pakati kufika m'mphepete mwa raundi 8 ndi masentimita 8, nde dabulo yanga ndi sentimita imodzi, maraundi 10 pa masentimita 10. Kutambalala: ndagoneka tepi motsatira mitu ya masitichi a raundi yomaliza, osakoka, ndipo pa masentimita 10 pakulowa masitichi 16.

```
zowonjezera = 6.28 × masitichi ÷ maraundi
6.28 × 16 ÷ 10 = 10.05
```

Masitichi ndi maraundi onsewo awerengedwe pa masentimita 10 omwewo. Nde dzanja langa ndi ulusi uwu zikufuna 10, patani ikupereka 12. Awiri oposera raundi iliyonse, kuchulukitsa ndi maraundi 8, ndi 16, omwe aja ndinawatsina m'kapindo. Ndasangalala kwambiri kuona kuti zala ndi tepi zanena chimodzimodzi. Mwa njira ina, chozungulira cha masentimita 16 m'mimba mwake mkombero wake ndi masentimita 50, pomwe masitichi 96 anga akaima phewa ndi phewa akutenga masentimita 60. Masentimita 10 a nsalu alibe pokhala.

Mwina wina afunsa kuti nanga bwanji pa raundi 3 kapena 4 sizinaoneke, poti kuposerako kunalipo kuyambira pachiyambi. Kunalipodi. Koma pa raundi 3 oposera ndi 6 okha, masentimita osakwana 4, ndipo ulusi umalola, masitichi amapanikizana n'kubisa. Kuwofuwofu kwa pa raundi 5 kuja kunali komweku. Chozungulira chikamakula nsalu yotsalayo imafika poti singabisikenso, nde kachinthu kakang'ono ngati koyikapo kapu kamatha kutuluka bwino ndi 12 pomwe mati yaikulu ya ulusi womwewo ikukana.

Njira zinayi, ndipo ndasankha imodzi

Yoyamba yomwe aliyense amanena ndi kuluka raundi imodzi kapena ziwiri osawonjezera kanthu kuti chozungulira chipeze masitichi. Pa masamu zikugwira, ndikaluka raundi 9 ndi 10 ndi masitichi 96 omwewo, pa raundi 10 pakufunika 100, nde mkombero ukhala bwino. Ndayesa kuti ndione. M'mphepete mwagonadi, koma maraundi 6, 7 ndi 8 akadali ndi nsalu yawo yotsala ija, ndiye mafunde atsekeredwa m'kati, pakuoneka kamtumbira kozungulira ndipo mbale ikaikidwapo ikugwedera. Njira imeneyi ndi yabwino ukagwira vuto msanga, oposera akadali 5 kapena 6, funde likungoyamba kumene. Akafika 16 mochedwa kale. Ndamasula maraundi awiriwo.

Yachiwiri ndi kusintha singano. Apa ine ndimasiyana ndi malangizo omwe amangoti mafunde tenga singano yaing'ono, kambale tenga yaikulu. Singano ikakula sitichi imakula mbali zonse, msinkhu ndi kutambalala komwe, nde kugawa kuja kwa 16 ndi 10 sikusintha kwenikweni, mati imangotuluka yaikulu kapena yaing'ono ndi vuto lomwelo. Pomwe singano yaikulu imathandizadi ndi pamene nsalu yalimba gwa chifukwa chomangitsa, moti ngakhale kuperewera kwa masitichi awiri kukuipinda, pamenepo kufewetsako kumapatsa ulusi mpata wodzikonza. Komanso kusintha singano pakati pa ntchito, maraundi akunja okha, kumasinthadi mkombero, koma masitichi amaoneka osiyana kukula ndipo pa thonje losalala zimaonekera patali.

Yachitatu ndi kutalikitsa dabulo yanga kuti igwirizane ndi 12. Msinkhu wa dabulo umadalira kwambiri lupu ija timaikoka titangolowetsa singano pa bowo. Ena amaikoka n'kuikweza m'mwamba ndithu asanapitirize, ena amaisiya pansi pomwepo yomangika, ndipo ine ndili m'gulu lachiwirili, nchifukwa chake madabulo anga ndi ojintcha. Kuti 12 ikwane ndikuyenera kufikitsa dabulo pa masentimita pafupifupi 1.2. Ndi zotheka, ndaluka masitichi angapo ndikukweza lupuyo ndipo akutalikadi. Koma ndikudziwa kuti maganizo akapita kwina dzanja libwerera ku chizolowezi chake, ndiye ndidzakhala ndi maraundi ena aatali ena aafupi, ndipo mamati ake ndi angapo oti afanane. Kuli bwino nambala itsatire dzanja.

Yachinayi ndi kunyowetsa ndi kutambasula ndi mapini. Izi zimachotsa kafunde kakang'ono, makamaka pa thonje ndi ubweya weniweni. Koma madzi sachotsa masitichi. Masentimita 10 aja akhalapobe, ndipo mati ya patebulo imachapidwa kawirikawiri, nde ikangouma yokha mafunde abwerera.

Nde ndamasula yonse mpaka pakati. Ndinaganiza zosiya maraundi atatu oyamba a 12 n'kuyamba 10 kuchokera pa raundi 4, zikanatheka ndithu, oposera 6 akanabisika, koma maraundi atatu ndi ntchito ya mphindi zochepa ndipo ndikufuna nambala zoyera zoti ndizitsatira pa mamati enawo osaganiza.

Kuyambanso ndi 10

Madabulo 10 m'kalupu kapakati, kukoka mchira mpaka bowo litatsekeka. Ndimaopa kuti 10 achepa pa raundi yoyamba n'kuyamba kambale, koma agona bwino, ndipo masamu akuvomereza, mkombero wa raundi yoyamba ndi masentimita 6.3 ndipo masitichi 10 anga akutenga 6.25. Ndikuyamba raundi iliyonse ndi matcheni 2 osawerengedwa, dabulo yoyamba pa bowo lomwelo, kutseka pa mutu wa dabulo yoyambayo, ndipo ndaika kapini pa dabulo yoyamba ya raundi iliyonse kuti silipi ija isandinamize.

Raundi 2 awiriawiri paliponse, 20. Raundi 3 imodzi yokha kenako chowonjezera, kakhumi, 30. Raundi 4 awiri okha kenako chowonjezera, 40. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira, masitichi oyenda okha pakati pa zowonjezera amakhala nambala ya raundi kuchotsa 2.

Pofika raundi 6 pagona flati bwinobwino, koma paoneka china, makona. Ukamatsatira lamulo lija momwe lilili zowonjezera zimakwerana, cha raundi ino chili pamwamba penipeni pa cha raundi yapita, ndiye kukula konse kukuchitikira m'mizere khumi yochoka pakati ndipo pakati pa mizereyo m'mphepete mukuwongoka. Chimatuluka ndi chinthu cha mbali khumi osati chozungulira. Pa singo ya 6 nde zimaoneka kwambiri, mbali zisanu ndi imodzi zenizeni. Makonawa si mafunde ndipo sakutanthauza kuti nambala yalakwika, ngakhale pa ulusi wolimba nsonga zake zimatha kutukuka pang'ono munthu n'kumaganiza kuti wawonjezera mopyola.

Mankhwala ake ndi kusuntha malo a zowonjezera, nambala isasinthe. Pa maraundi a 4, 6, 8 ndi otero ndikugawa pawiri gulu loyamba la masitichi oyenda okha, theka koyambirira theka kumapeto. Raundi 6 yakhala chonchi, `inc` ndiye chowonjezera:

```
2 dc, inc, (4 dc, inc) x9, 2 dc = 60
```

Maraundi a 5, 7, 9 ndikuluka mwa nthawi zonse. Basi zowonjezera zikugwera pakati pa za raundi yapita ndipo makona akusungunuka. Ndabwerera ku raundi 4 kukayambira pamenepo, ndipo pofika raundi 8 mkombero uli wozungulira bwino, masitichi 80, masentimita 16, ndaisiya patebulo osaigwira ndipo yagona phee.

Raundi 9 mpaka 14

Zayenda msanga. Maraundi awiri aliwonse ndikuigoneka patebulo ndi kuyeza m'mimba mwake, chifukwa kuyeza uli nayo pamiyendo kumanamiza. Kawerengedwe kachangu komwe ndikugwiritsa ntchito ndi aka:

```
m'mimba mwake × 3.14 × masitichi pa sentimita
28 × 3.14 × 1.6 = 140.7
```

Pa raundi 14 ndili ndi 140, nde tili limodzi. Ubwino wa kawerengedwe aka ndi woti sikafunsa kuti unayamba bwanji kapena patani inati chani, kamangokuuza masitichi omwe chozungulira chachikulu chonchi chikufuna lero. Mukapeza kuti muli nawo oposa kapena ochepera ndi atatu anayi pa 140 musavutike, ulusi umeza. Zikapitirira pamenepo yambani kukonza pa raundi yotsatira, kuchepetsa kapena kuchulukitsa zowonjezera ndi ziwiri zitatu, osadikira kuti maso aone.

Chinthu chimodzi chomwe ndikuchiyang'anira pa maraundi aataliwa ndi kamangidwe ka dzanja. Mati ikamalemera imakoka pansi, ndipo munthu umayamba kugwira ulusi mwamphamvu osadziwa, mitu ya masitichi n'kumachepa. Zikatero nambala imakhala yolondola koma mkombero umafupika. Pa raundi 12 ndinayezanso mitu ija, akadali 16 pa masentimita 10.

Boda, tsopano kambale

Patani ikuti maraundi atatu omaliza ndi a singo a mtundu wina, osawonjezera chilichonse. Ndinakayika koma ndati ndione kaye momwe zikhalire. Raundi yoyamba ya singo palibe chooneka. Yachiwiri m'mphepete mwayamba kudzuka. Yachitatu itatha boda yonse yaimirira kuzungulira, chala chimodzi chikulowa pansi pake, ndipo ukaikanikiza kuti igone pakati pa mati pakutukuka. Kambale mumakadziwa choncho, sikasamuka ngati funde, kamangokana, ukagoneka m'mphepete pakati padzuka, ukagoneka pakati m'mphepete mudzuka.

Ndikumvetsa chifukwa chomwe mwini patani analembera choncho. Kwa munthu yemwe 12 ija yamusiyira masitichi otsala pang'ono, maraundi osawonjezerawa amamwa otsalawo ndipo zimathera bwino. Ine ndinalibe otsala, 140 anali okwana ndendende, nde boda yayamba kuperewera kuyambira sitichi yoyamba.

Ndayeza singo yanga. M'lifupi ndi chimodzimodzi, 16 pa masentimita 10, poti ikukhala pa mitu ya madabulo omwewo. Msinkhu, maraundi atatuwo akwana pafupifupi masentimita 1.7, kutanthauza maraundi 18 pa masentimita 10. Nde 6.28 kuchulukitsa 16 kugawa 18 ikupereka 5.6. Pa maraundi atatu pakufunika masitichi 17 atsopano, ndipo ine ndaika ziro. Mkombero waperewera masentimita opitirira 10, pafupifupi muyezo womwe unaposera nthawi ya mafunde ija, kungoti tsopano mbali inayo.

Nambala ikatuluka ya theka ngati 5.6 simungaluke theka la sitichi, nde mumasinthasintha, 6 kenako 5 kenako 6. Ndamasula boda ndi kulukanso. Raundi yoyamba zowonjezera 6 pa masitichi 140, kugawa kukupereka 23 ndi kotsala, nde ndaika chowonjezera pa sitichi ya 23 iliyonse ndipo awiri otsala kumapeto ndangowaluka okha, 146. Yachiwiri zowonjezera 5, pa sitichi ya 29 iliyonse, 151. Yachitatu 6, pa ya 25 iliyonse, 157. Sindinavutike ndi kusuntha malo chifukwa 23, 29 ndi 25 zikugwera malo osiyana zokha. Pa chozungulira chachikulu chonchi sipafunika kuti mipata ikhale yofanana ndendende, bola zowonjezera zimwazikane kuzungulira konse, zisaunjikane mbali imodzi.

Pali kena komwe ndikufuna ndisiyanitse ndi kambale kenikeni, chifukwa anthu amamasula ntchito yabwino pachabe. Singo yolukidwa mozungulira imakonda kupinda kamlomo pang'ono pa raundi yomaliza ngakhale nambala ili bwino, ndi chibadwa cha sitichiyo. Kamlomo kotere ukakasisita ndi chala kamagona ndipo pakati sipatukuka. Ako ndi ka madzi ndi mapini. Komanso ngati mumatsiriza ndi raundi ya masilipi sitichi, ilukeni momasuka kwambiri kapena ndi singano yokulirapo, chifukwa silipi sitambasuka, ikamangika imakoka mkombero wonse ngati chingwe cha thumba ndipo mati yomwe inali flati imapindika pa raundi yomaliza yeniyeniyo. Ine ndaisiya raundi imeneyo, ndatseka pa singo.

Pomwe ndafika

Mati yoyamba yatha, masentimita 31 ndi pang'ono, masitichi 157. Ndaiviika m'madzi ozizira, ndafinya m'thawulo osapotokola, ndaiyala kuti iume popanda mapini dala, kuti ndione momwe izidzakhalira ikachapidwa masiku onse. Yauma yogona, ndipo kamlomo ka boda kaja katha. Amene mukuluka ndi akiriliki dziwani kuti madzi okha sachita zambiri pa ulusi umenewo, pamafunika nthunzi, simbi ili m'mwamba osakhudza nsalu chifukwa akiriliki amasungunuka, ndipo nthunzi ikachuluka nsaluyo imalefuka osabwereranso.

Yachiwiri ndayamba kale ndi ulusi wa mtundu wina, wa kampani yomweyo ndi nambala yomweyo pa chikutiro, koma m'manja ukumveka wowonda pang'ono, zomwe zimachitika pakati pa mitundu. Ndili pa raundi 5, masitichi 50, ndipo tepi ikuti masentimita 10 m'mimba mwake koma mitu ikulowa 17 pa masentimita 10 m'malo mwa 16. Izi zikupereka 10.7, nde 10 yokha ichepa ndipo kutsogoloku kungabwere kambale. Panopa oyenera kukhalapo ndi 53, ndaperewera atatu, sizikuoneka. Kuyambira raundi 6 ndiziwonjezera 11, ndiyezanso pa raundi 8, pomwe ndikuyembekeza masitichi 83 pa chozungulira chofuna 85.